Awiri ndi asanu, chonsecho ana anali khumi: mmene NULL amasowetsera anthu m'kompyuta

Mwezi uliwonse ukatha, malipoti a zaumoyo amachoka m'zipatala za kummwera kwa boma la Mzimba, monga ku Jenda, Edingeni, Luwerezi ndi Khosolo, kupita ku ofesi ya zaumoyo pa boma. Kumeneko manambala amalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu yomwe inapangidwa pa yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo imasunga zinthu zake m'nkhokwe yotchedwa PostgreSQL. Makompyuta odina pagalasi amene bungwe la Baobab Health linayambitsa m'zipatala za m'dziko muno, makamaka kolandirira mankhwala otalikitsa moyo, nkhokwe yake ndi MySQL. Nkhokwe ziwirizi zimafunsidwa m'chilankhulo chimodzi cha SQL, ndipo zonse zili ndi khalidwe limodzi lomwe akalaliki ambiri sanaphunzitsidwepo: zikafunsidwa funso loti inde kapena ayi, zili ndi yankho lachitatu lomwe sizilitchula.

Yankho lachitatulo limabadwa kabokosi kakasiyidwa kopanda kanthu. M'boma lalikulu ngati la Mzimba, lomwe kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 900,000, timabokosi totere sitingalephere kupezeka. Mlangizi wa zaumoyo amayenda mtunda wautali pa njinga, mzere wa amayi kusikelo umatalika, mwana wina amalira mpaka osagwirika, mayi wina amathamangira kumunda mwana asanayezedwe. Kabokosi kopanda kanthu si tchimo. Vuto limayamba wina akafunsa nkhokwe ngati kuti timabokosi tonse n'todzaza.

Kuti nkhaniyi ioneke bwino, tiyeni titenge sikelo ya ana. Alangizi amayeza kukula kwa mkono wa mwana, pakati pa phewa ndi chigongono, ndi katepi kamitundu itatu. Muyezowu ndi wa ana a miyezi 6 mpaka 59. Tepi ikaonetsa masentimita osafika 11.5, ndiye pofiira: mwana wanyentchera kwambiri ndipo ayenera kulandira chiponde kapena kugonekedwa. Kuyambira 11.5 mpaka pansi pa 12.5 ndi pachikasu, pomwe 12.5 kupita m'mwamba ndi pobiriwira. Mlangizi amadinanso pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana, chifukwa mwana wotupa mapazi amawerengedwa kuti ali pangozi ngakhale mkono wake ukhale wonenepa.

Tebulo lili m'munsili ndalipanga ndekha kuti likhale chitsanzo. Si la chipatala china chilichonse. Dzina lake ndi `ana`. Pa danga la `kutupa`, 1 akutanthauza kuti mapazi atupa, 0 kuti sanatupe.

```
nambala  miyezi  mkono  kutupa
1        14      13.4   0
2        22      11.2   0
3        9       NULL   1
4        30      12.1   0
5        4       NULL   0
6        18      14.0   0
7        41      NULL   0
8        11      10.9   0
9        27      13.0   0
10       16      12.8   0
```

Ana alipo khumi. Atatu mwa iwo, a nambala 3, 5 ndi 7, muyezo wa mkono palibe, ndipo nkhokwe yaika chizindikiro cha `NULL`. Tsono mkulu wa zamadyedwe abwino akufuna kudziwa kuti ali pofiira ndi angati ndipo omwe sali pofiira ndi angati. Kalaliki akulemba mafunso awiri:

```sql
SELECT COUNT(*) FROM ana WHERE mkono < 11.5;
SELECT COUNT(*) FROM ana WHERE NOT (mkono < 11.5);
```

Funso loyamba likubweza 2, ana a nambala 2 ndi 8. Lachiwiri likubweza 5. Nzeru za tsiku ndi tsiku zimati mwana aliyense ayenera kukhala mbali imodzi: ali pofiira kapena sali pofiira. Koma awiri kuphatikiza asanu ndi asanu ndi awiri. Ana atatu sanaoneke uku, sanaonekenso uko, ndipo kompyuta sinadandaule, sinalembe chenjezo lililonse.

Chomwe chachitika n'chakuti `NULL` si nambala. Si ziro, komanso si nambala yaing'ono kapena yaikulu. Ndi chizindikiro chonena kuti pano palibe chomwe chalembedwa. Nkhokwe ikafika pa mwana wa nambala 7 n'kufunsidwa ngati mkono wake ndi wochepera 11.5, singanene kuti zoona, chifukwa mwina mwanayo ndi wonenepa. Singanenenso kuti zabodza, chifukwa mwina wanyentchera. Choncho imayankha kuti sizikudziwika, zomwe mu SQL zimatchedwa `UNKNOWN`, pambali pa `TRUE` ndi `FALSE`. Ikafunsidwa motembenuza, ndi `NOT`, yankho silisintha. Kutembenuza zoona kumabala zabodza, kutembenuza zabodza kumabala zoona, koma chomwe sukuchidziwa ngakhale uchitembenuze sunachidziwebe.

Mpaka apa nkhokwe yachita mwanzeru. Chimene chimasowetsa ana ndi lamulo la `WHERE`. Lamuloli limalola mzere kudutsa pokhapokha yankho likhale `TRUE`. Mzere wa `FALSE` umatayidwa, wa `UNKNOWN` umatayidwanso pamodzi nawo, mosasiyanitsa. Mayankho ndi atatu koma makomo ndi awiri okha, lolowera ndi lotayira. Wowerenga lipoti saona kusiyana pakati pa mwana amene watayidwa chifukwa ali bwino ndi amene watayidwa chifukwa palibe anamuyeza.

Kalaliki wochenjera akazindikira kuti ana akusowa, amafuna kuwatulutsa atatuwo polemba `WHERE mkono = NULL`. Sipatuluka mzere ngakhale umodzi. Chifukwa chake n'chomwecho: kufunsa ngati chinthu chikufanana ndi chosadziwika kumabala `UNKNOWN`. Ngakhale `NULL = NULL` si zoona. Poyamba izi zimamveka zachilendo, koma taganizirani ana a nambala 3 ndi 7. Onse sanayezedwe. Kodi mikono yawo ndi yofanana? Palibe angalumbire. N'chifukwa chake SQL ili ndi mawu apadera ofunsira za kabokosi kopanda kanthu, `IS NULL` ndi `IS NOT NULL`, omwe yankho lake nthawi zonse limakhala zoona kapena zabodza. Polemba `WHERE mkono IS NULL`, ana atatu aja amatulukira.

Maganizo a mayankho atatu si a dzulo. Katswiri wa ku Poland, Jan Łukasiewicz, analemba za iwo mu 1920, ndipo Stephen Kleene wa ku America anakonza malamulo ake mu 1938; malamulo a `AND`, `OR` ndi `NOT` mu SQL amagwirizana ndi a Kleene. Edgar F. Codd, amene mu 1970 ali ku kampani ya IBM anafotokoza njira yosungira zinthu m'matebulo, ndiye mu 1979 analongosola mmene zosoweka zingasamalidwire pogwiritsa ntchito mayankho atatuwa. SQL itakhazikitsidwa kukhala muyezo wovomerezeka mu 1986, `NULL` analowa nawo, ndipo kuyambira pamenepo akatswiri ena, makamaka C. J. Date yemwe anagwira ntchito ndi Codd, akhala akunena kuti kunali kulakwitsa.

Malamulo a Kleene savuta munthu akawayesa pa ana enieni m'malo moloweza. Tanena kuti mwana ali pangozi ngati mkono uli pofiira kapena ngati mapazi atupa:

```sql
SELECT nambala FROM ana
WHERE mkono < 11.5 OR kutupa = 1;
```

Apa patuluka ana atatu: 2, 3 ndi 8. Mwana wa nambala 3 wapezeka ngakhale mkono wake sunayezedwe, chifukwa mapazi ake ndi otupa. Pa `OR`, mbali imodzi ikakhala yoona zakwanira. Mkono ukhale waukulu kapena waung'ono, mwanayo ali pangozi basi. Koma mwana wa nambala 7 mapazi sanatupe, ndiye zonse zatsamira pa mkono womwe sukudziwika, ndipo yankho lake ndi `UNKNOWN`. Pa `AND` zimatembenuka: mbali imodzi ikakhala yabodza, zonse ndi zabodza ngakhale inayo isadziwike, koma mbali imodzi ikakhala yoona, yosadziwikayo ndiyo imalamula. Njira yosavuta yokumbukira ndi kudzifunsa kuti: kabokosi kaja katadzazidwa ndi nambala ina iliyonse, yankho lingasinthe? Ngati lingasinthe, nkhokwe inena kuti sizikudziwika.

Kusowa m'lipoti n'koipa, koma pali china choipa kuposa pamenepo, chomwe ndi kupatsidwa mtundu wolakwika. Malipoti ambiri amagawa ana m'mitundu ya tepi motere:

```sql
CASE WHEN mkono < 11.5 THEN 'wofiira'
     WHEN mkono < 12.5 THEN 'wachikasu'
     ELSE 'wobiriwira' END
```

Aliyense wowerenga angavomereze kuti zalembedwa bwino. Koma tsatirani mwana wa nambala 7. Pa mzere woyamba yankho ndi `UNKNOWN`, ndipo `WHEN`, mofanana ndi `WHERE`, amafuna zoona zokhazokha, choncho mwanayo akupitirira. Pa mzere wachiwiri chimodzimodzi. Watsala ndi `ELSE`, yemwe amalandira aliyense wotsala. Mwana amene tepi sinamukhudze n'komwe walembedwa wobiriwira. Choopsa n'chakuti ulendo uno masamu akukwana: ofiira awiri, wachikasu mmodzi, obiriwira asanu ndi awiri, onse pamodzi khumi. Palibe chokayikitsa. Pakati pa obiriwirawo pali ngakhale mwana wa nambala 3, wotupa mapazi uja. Obiriwira enieni ndi anayi okha. Mankhwala ake ndi mzere umodzi woikidwa pamwamba pa yonse, `WHEN mkono IS NULL THEN 'sanayezedwe'`, ndipo ine ndimaona kuti `CASE` aliyense wokhudza muyezo wa munthu ayenera kuyamba ndi mzere wotere.

Masamu ophatikiza nawo ali ndi khalidwe lawo. `COUNT(*)` amawerenga mizere yonse ndipo apereka 10, pomwe `COUNT(mkono)` amadumpha mopanda kanthu n'kupereka 7. `SUM` ndi `AVG` nawonso amadumpha. Miyezo isanu ndi iwiri yomwe ilipo ikaphatikizidwa ikukwana 87.4, ndipo `AVG(mkono)` agawa ndi 7 n'kupeza pafupifupi 12.5. Kusiyana kwa mawerengedwe awiriwa kumafika mpaka pa nambala yomwe akuluakulu amaiyang'ana. Ana awiri ofiira mwa khumi ndi 20 peresenti, koma awiri mwa asanu ndi awiri oyezedwa ndi pafupifupi 29 peresenti. Zipatala ziwiri zoyandikana zitha kukhala ndi ana ofanana ndendende, china n'kuoneka ngati chili bwino chifukwa choti wolemba funso anaika nyenyezi pomwe mnzake anaika dzina la danga. Nambala ya 20 peresenti imabisa ganizo lakuti osayezedwa onse ali bwino, ganizo lomwe palibe munthu anakhala pansi n'kulivomereza.

Msampha waukulu kuposa yonse uli pa `NOT IN`, ndipo umagwira ngakhale akatswiri. Tinene kuti pali tebulo lachiwiri, `chiponde`, lolembamo ana amene alandira chiponde sabata ino. Muli mizere iwiri. Woyamba ndi wa mwana wa nambala 2. Wachiwiri ndi wa mwana amene anabwera ndi agogo ake opanda kabuku ka kuchipatala, choncho nambala yake sinalembedwe. Izi sizachilendo kuno kwathu, komwe makolo ambiri ali ku Joni ndipo ana amasinthana manja, komanso ku Jenda komwe malire ndi dziko la Zambia ali pafupi ndipo anthu amafuna chithandizo mbali zonse ziwiri. Namwino anachita bwino kumupatsa mwanayo chiponde. Tsono tikufuna mndandanda wa ana omwe ali pangozi koma sanalandire, kuti alangizi akawalondole kumudzi:

```sql
SELECT nambala FROM ana
WHERE (mkono < 11.5 OR kutupa = 1)
  AND nambala NOT IN (SELECT mwana FROM chiponde);
```

Tikuyembekezera kuona 3 ndi 8. Chomwe chikutuluka ndi tebulo lopanda mzere. Wowerenga mothamanga anena kuti onse alandira, ntchito yayenda bwino, ndipo palibe njinga yomwe inyamuke.

Tiyeni tiyende ndi mwana wa nambala 8 pang'onopang'ono. Mndandanda wa olandira uli ndi zinthu ziwiri, 2 ndi `NULL`. Kunena kuti 8 sali m'mndandandawo n'chimodzimodzi kunena kuti `8 <> 2 AND 8 <> NULL`. Mbali yoyamba ndi yoona, 8 si 2. Mbali yachiwiri siikudziwika, chifukwa mwana wa agogo uja atha kukhala yemweyu. Zoona zikakumana ndi zosadziwika pa `AND`, zosadziwika ndizo zimalamula, ndipo `WHERE` akutaya mzerewo. Zomwezo zikuchitikira mwana wa nambala 3. Kukanakhala ana 5,000 m'kaundula, kabokosi kamodzi kopanda kanthu m'tebulo la chiponde kakanafafaniza mndandanda wonse. Funso lomweli litha kugwira bwino ntchito kwa chaka chathunthu n'kudzaleka tsiku lomwe `NULL` woyamba walowa, popanda aliyense kusintha chilembo.

Njira yodalirika ndi kufunsa ndi `NOT EXISTS`:

```sql
SELECT a.nambala FROM ana a
WHERE (a.mkono < 11.5 OR a.kutupa = 1)
  AND NOT EXISTS (SELECT 1 FROM chiponde c
                  WHERE c.mwana = a.nambala);
```

`EXISTS` ali ndi mayankho awiri okha: mzere wapezeka kapena sunapezeke. Mzere wopanda nambala uja sufanana ndi mwana aliyense, ndiye sukusokoneza, ndipo 3 ndi 8 akutuluka. Tivomereze kuti nkhokwe sinaname pa funso la `NOT IN` lija. N'zothekadi kuti mmodzi mwa awiriwa ndiye analandira popanda kabuku. Koma mitengo ya zolakwa ziwirizi ndi yosiyana kwambiri. Mlangizi akapita kumudzi n'kupeza kuti mwana analandira kale, wataya theka la tsiku. Akapanda kupita kwa mwana wa mkono wa 10.9 yemwe sanalandire, atha kutaya mwanayo. Wolemba funso ndiye amasankha kuti kukayika kugwere mbali iti, ndipo ayenera kusankha akudziwa.

Munthu angaganize kuti malamulo a mayankho atatu amagwira ntchito mofanana paliponse mu SQL, koma ayi. Lamulo lotchinga zolakwika polowetsa, monga `CHECK (mkono > 5)`, limakana zabodza zokha ndipo zosadziwika limazilola, zomwe ndi zosemphana ndi `WHERE`. `GROUP BY` ndi `DISTINCT` amaika ma `NULL` onse m'gulu limodzi, ngakhale tangoona kuti awiri a iwo safanana. Posanja kuyambira pa nambala yaing'ono, PostgreSQL imawaika kumapeto pomwe MySQL imawaika koyambirira. Choncho funso lofuna ana asanu a mikono yoonda kwambiri litha kudzaza ndi osayezedwa pa nkhokwe ina n'kuwabisa pa inzake. Amene amakopera mafunso kuchoka pa makina a kuchipatala kupita pa makina a ku ofesi ayenera kuchenjera napo apa.

Ena akatopa ndi zonsezi amati bwanji tingoletsa timabokosi topanda kanthu. SQL imalola kutero ndi `NOT NULL`, ndipo pa zinthu ngati nambala ya mwana kapena tsiku lomwe wabwera, kuletsako n'koyenera. Tebulo la chiponde likanakhala ndi lamuloli, ndipo mwana wopanda kabuku akanapatsidwa nambala yongoyembekezera, msampha wa `NOT IN` sukanatchereka. Koma pa muyezo wa mkono nkhani ndi ina. Makina akakana kupitirira mpaka kabokosi kadzazidwe, kalaliki yemwe ali ndi mulu wa mapepala alemba chilichonse kuti adutse, kawirikawiri 0 kapena 99. Ikani ziro pa ana atatu aja muone: `AVG` agwa kuchoka pa 12.5 kufika pa 8.74, ndipo ofiira akwera kuchoka pa awiri kufika pa asanu. Ikani 99, onse atatu asanduka obiriwira. Zomwezi zimachitika wolemba funso akathamangira `COALESCE(mkono, 0)`, lamulo lomwe limasintha `NULL` kukhala nambala yomwe wasankha. Pa ndalama zomwe munthu sanapereke, ziro atha kukhala woona. Pa mkono wa mwana, ziro ndi bodza. `NULL` amavutitsa, koma amanena zoona zakuti sitinayeze, ndipo amapezeka ndi `IS NULL`. Nambala yopeka imabisala pakati pa miyezo yeniyeni.

Chofooka chenicheni cha `NULL` n'chakuti chizindikiro chimodzi chikusenza nkhani zosiyana. Bwererani ku tebulo lija. Mwana wa nambala 5 ali ndi miyezi inayi, ndipo muyezo wa tepi pa sikelo umayambira miyezi 6. Kabokosi kake n'kopanda kanthu moyenerera. Ana a nambala 3 ndi 7 anayenera kuyezedwa koma sanayezedwe. Codd mwiniwake anaona vutoli, ndipo m'buku lake la 1990 anafuna zizindikiro ziwiri, china cha chinthu chomwe chilipo koma sichikudziwika, china cha chinthu chomwe sichikukhudza munthuyo, zomwe zikanabweretsa mayankho anayi. Opanga SQL sanatsatire zimenezo. Ntchito yosiyanitsa inatsalira ife, ndipo njira yake ndi yosavuta: danga lina pambali lolembamo chifukwa, monga `wamng'ono`, `anakana`, `tepi panalibe`. Likakhalapo, lipoti la ana khumi aja limanena zomveka: oyenera kuyezedwa anali asanu ndi anayi, oyezedwa asanu ndi awiri, otsala awiri, ndipo mmodzi mwa otsalawo ndi wotupa mapazi.

Kodi munthu yemwe salemba SQL, monga mkulu wa chipatala, khansala kapena membala wa komiti ya zaumoyo m'mudzi, angadziwe bwanji kuti lipoti lili m'manja mwake ladyedwa ndi `NULL`? Zizindikiro zilipo. Magulu akaphatikizidwa n'kusakwana chiwerengero cha onse olembedwa, ena agwera pakati. Mndandanda wa osalandira kapena osabwera ukakhala wopanda dzina mwadzidzidzi, pomwe mwezi watha unali wautali, pakufunika kukayika musanasangalale. Magulu akakwana ndendende koma palibe gulu la osayezedwa, funsani komwe osayezedwawo aikidwa, chifukwa palibe sikelo yomwe imayeza mwana aliyense mwezi uliwonse. Kwa kalaliki, kuyesa kwake kumatenga mphindi imodzi:

```sql
SELECT COUNT(*), COUNT(mkono),
       COUNT(*) - COUNT(mkono) AS osayezedwa
FROM ana;
```

Nambala yachitatuyo ikakhala yoposa ziro, funso lililonse lokhudza danga la `mkono` liwerengedwenso, kuyang'ana `NOT`, `<>`, `NOT IN` ndi `ELSE`. Ndipo funso latsopano lisanakhulupiriridwe, liyesedwe pa tebulo laling'ono ngati lathu lija, lokhala ndi ma `NULL` oikidwa dala, pomwe yankho loyenera munthu atha kuliwerenga pa zala.

Pempho langa likupita kwa onse okonza malipoti m'maofesi a zaumoyo, a maphunziro ndi a chitukuko pansi pa khonsolo ya M'mbelwa, komanso kwa aphunzitsi a makompyuta m'makoleji athu. Lipoti lililonse logawa anthu m'magulu likhale ndi mzere wa amene sanayezedwe kapena sakudziwika, ndipo nambala yake ilembedwe ngakhale ikhale ziro. Inu amene mumalandira malipotiwo, mukaona mzerewo palibe, libwezeni lipotilo akauwonjezere musanasainire.